Kampani ya Inshuwalansi Yakana Kulipira Ngozi ya Galimoto: Mmene Mungayesere Kalata Yake Yokana

Anthu ambiri amene galimoto zawo zachita ngozi akhala akundifunsa funso limodzimodzi atalandira kalata yochokera ku kampani ya inshuwalansi yonena kuti siilipira. Amafuna kudziwa ngati kalatayo ndi mapeto a nkhani kapena ngati pali poyambira kutsutsa. Yankho langa silisintha: kalata yokana si chigamulo cha khoti, ndi maganizo chabe a mbali imodzi ya pangano, ndipo maganizowo angathe kuyesedwa ndi zinthu ziwiri, mawu a m'pangano la inshuwalansi ndi zimene munafunsidwa pa tsiku limene munkagula inshuwalansiyo. Nthawi zina kuyesako kumasonyeza kuti kampani yalakwitsa, nthawi zina kumasonyeza kuti ikunena zoona, ndipo kudziwa msanga kuti muli mbali iti kumakupulumutsirani ndalama ndi nthawi. Malamulo amasiyana malinga ndi dziko, koma mafunso oyenera kufunsa ndi omwewo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze nkhani imodzi imene tiyende nayo mpaka kumapeto. Bambo wina anasayina fomu yofunsira inshuwalansi pa 20 Febuluwale 2023, pangano linayamba pa 1 Marichi 2023, ndipo analiwonjezera chaka china pa 1 Marichi 2024. Pa 9 Juni 2024 anachita ngozi, anagonekedwa m'chipatala, ndipo kampani inadziwitsidwa pa 27 Juni. Kalata yokana inapereka zifukwa zitatu: sanaulule ngozi imene anachita mu Okutobala 2021, galimoto inkanyamula anthu olipira, ndipo anachedwa kudziwitsa kampani.

1. Sonkhanitsani mapepala musanayankhe chilichonse.

Satifiketi imene mumayenda nayo m'galimoto si pangano lonse. Mukufunika buku la mawu onse a pangano, tsamba la tsatanetsatane limene limatchula dzina lanu, galimoto, oyendetsa ololedwa ndi ntchito imene galimotoyo yaloledwa kugwira, mawu owonjezera amene anasintha ndime zina, makalata owonjezera chaka, ndiponso fomu yofunsira inshuwalansi imene munadzaza. Ngati munagula pa foni, pemphani mawu ojambulidwa a kukambiranako, ndipo ngati munagula pa intaneti, pemphani mafunso ndendende monga anaonekera pa tsikulo. Onetsetsani kuti buku limene mwapatsidwa ndi la chaka cha ngozi, chifukwa makampani amasintha mawu chaka ndi chaka, ndipo zimachitika kuti kalata yokana yatchula ndime yochokera m'buku latsopano limene silinali kukhudza pangano lanu. Ngati anakukanirani pakamwa, lembani kalata yopempha zifukwa zonse zolembedwa pamodzi ndi nambala ya ndime iliyonse imene akudalira.

2. Pezani nthawi imene mwatsala nayo.

Mapangano ambiri ali ndi ndime yonena kuti kampani ikakana, muyenera kupititsa nkhani ku khoti kapena kwa mkhalapakati pasanathe miyezi yakutiyakuti, ndipo mukapitirira, ufulu wanu watha ngakhale mutakhala olondola pa zina zonse. Ipezeni ndimeyi pa tsiku loyamba, werengani masiku kuyambira pa deti la kalata yokana, ndipo lembani tsiku lomaliza poonekera. Musaganize kuti kulemberana makalata ndi kampani kumaimitsa nthawiyo, pokhapokha lamulo la dziko lanu kapena kalata ya kampaniyo itanena choncho.

3. Patulani zifukwa, pakuti si zonse zili za mtundu umodzi.

Makalata okana amakonda kuunjika zifukwa m'ndime imodzi, ndipo munthu akaona zitatu pamodzi amataya mtima. Komatu zifukwazi ndi za mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake.

Mtundu woyamba ndi kusaulula kapena kunena zosaona pogula inshuwalansi. Apa kampani ikunena kuti pangano lenilenilo linamangidwa pa chinthu cholakwika, choncho ikufuna kulifafaniza ngati kuti silinakhalepo. Mtundu wachiwiri ndi ndime yopatula, imene imati pangano lilipo ndithu koma ngozi ya mtundu uwu siili m'gulu la zimene limateteza. Mtundu wachitatu ndi kuphwanya lamulo la m'pangano, monga kuchedwa kudziwitsa kapena kuvomera kwa munthu amene mwagundana naye kuti ndinu wolakwa popanda chilolezo cha kampani. M'nkhani ya bambo uja, chifukwa chilichonse mwa zitatu zija chikugwera mu mtundu wake.

Mfundo imene makhoti ambiri amatsatira ndi yakuti inu muyenera kusonyeza kuti ngozi inachitika ndipo ili m'gulu la zimene pangano limateteza, koma kampani ndiyo iyenera kupereka umboni wa kusaulula, wa ndime yopatula kapena wa lamulo lophwanyidwa. Choncho simuyenera kuthamanga kukafuna umboni wakuti simunalakwe musanaone umboni umene iwo ali nawo.

4. Yesani nkhani ya kusaulula ndi mafunso asanu.

Ili ndilo gawo lovuta, ndipo ndi limene anthu amalidumpha, chifukwa akangomva kuti kampani yapeza chinthu chimene sanatchule amadziona ngati agwidwa kale. Lamulo lakuti wogula inshuwalansi aulule zimene akudziwa ndi lakale. Linafotokozedwa mu mlandu wa Carter ndi Boehm wa mu 1766 ku Mangalande, pamene woweruza Lord Mansfield anati zoona zenizeni za chinthu chotetezedwa nthawi zambiri zimadziwika ndi wogula yekha, ndipo kampani imangodalira mawu ake. Mayiko ambiri anatengera mfundoyi. Koma kukhala ndi udindo woulula sikutanthauza kuti chilichonse chosatchulidwa chimapha pangano.

Funso loyamba: kodi munafunsidwa chiyani, liwu ndi liwu? Musadalire mmene kalata yokana yalifotokozera funsolo, koma liwerengeni pa fomu. Tiyerekeze kuti fomu ya bambo uja inati: "Kodi munapemphapo malipiro ku kampani ya inshuwalansi chifukwa cha ngozi m'zaka zitatu zapitazi?" ndipo iye anayankha kuti ayi. Mu Okutobala 2021 anagunda mpanda pobwerera m'mbuyo, anakonzetsa galimoto ndi ndalama zake, ndipo sanapemphe kanthu ku kampani iliyonse. Yankho lake linali loona, chifukwa funso linali la mapempho a malipiro, osati la ngozi. Kampani ingayankhe kuti iye anayenera kutchula yekha ngakhale sanafunsidwe, ndipo m'mayiko amene akutsatirabe lamulo lakale mfundo imeneyo ili ndi mphamvu. Komabe makhoti akhala akuvomereza kuti kampani ikafunsa funso lokhala ndi malire, munthu wanzeru angamve kuti zakunja kwa malirewo kampaniyo siikuzifuna. Amene wafunsa za zaka zitatu sangadandaule za chaka chachinayi, ndipo amene wafunsa za mapempho a malipiro amavutika kudandaula za ngozi imene siinabale pempho. Funsolo likanati "ngozi iliyonse, kaya munapempha malipiro kapena ayi", yankho la bamboyo likanakhala losaona, ndipo tikanapitirira ku mafunso otsatira ali pamalo ofooka.

Funso lachiwiri: kodi chinthucho chinalipo ndipo munkachidziwa pa nthawi imene pangano linkapangidwa? Udindo woulula umagwira ntchito mpaka pamene pangano lamangidwa, ndipo umabweranso pa kuwonjezera chaka, chifukwa chaka chilichonse chimatengedwa ngati pangano latsopano. Apa ndi pamene ambiri amagwa: anayankha zoona mu 2023, analandira chilango cha pamsewu mkati mwa chakacho, ndipo kalata yowonjezera chaka itabwera yonena kuti "tidziwitseni ngati pali chimene chasintha", anangolipira osaiwerenga. Koma chinthu chimene chinachitika pangano litayamba kale, chaka chisanathe, si kusaulula, pokhapokha pangano litakhala ndi ndime yokulamulani kunena zosintha mkati mwa chaka. Ikakhalapo, nkhaniyo yasamukira ku mtundu wachitatu ndipo iyenera kuyesedwa ndi mawu a ndimeyo.

Funso lachitatu: ndani analemba yankholo? Ngati munauza ejenti zoona koma iye analemba zina, nkhaniyo imadalira kuti ankaimira ndani. Buloka, amene ndi munthu woima payekha wothandiza anthu kugula inshuwalansi, nthawi zambiri amatengedwa kuti akuimira wogula, choncho kulakwitsa kwake kumagwera inu pamaso pa kampani, ngakhale mungathe kumusumira iyeyo payekha. Ejenti wa kampani ndi wosiyana, koma ngakhale pamenepo makhoti ena agamula kuti munthu amene wasayina fomu osaiwerenga wavomereza zolembedwamo. Mauthenga a pa foni kapena imelo imene munatumiza pa nthawiyo ndi umboni wolimba kuposa zimene mukukumbukira.

Funso lachinayi: kodi chinthucho chinali chofunika pa kuwerengera chiopsezo? Muyeso wakale umafunsa ngati kampani yosamala ikanachiganizira posankha kulandira chiopsezocho kapena poika mtengo. Ngozi zakale, kulandidwa laisensi, kukanidwa inshuwalansi ndi kampani ina, kusintha injini kuti ikhale yamphamvu, ndiponso amene amayendetsa galimoto tsiku ndi tsiku, zonsezi zimatengedwa kukhala zofunika. Chomalizachi chimagwetsa makolo ambiri amene amalemba dzina lawo ngati oyendetsa wamkulu pamene galimoto ili m'manja mwa mwana wawo. Dziwaninso mfundo yowawa iyi: pa lamulo lakale, chinthu chosaululidwa sichiyenera kukhala chimene chinachititsa ngozi. Kunena kuti "ngozi ya mpanda ija siikukhudzana ndi ngozi iyi" ndi zoona, koma pazokha sizikuthandizani.

Funso lachisanu ndi limene makalata okana amalithawa: kodi kampani imeneyi ikanachita chiyani chosiyana ikanadziwa? Mu 1994, mu mlandu wa Pan Atlantic ndi Pine Top, khoti lalikulu kwambiri la ku Britain pa nthawiyo linagamula kuti sikokwanira kusonyeza kuti chinthucho chinali chofunika, koma kampani iyeneranso kusonyeza kuti kusaululako ndiko kunaichititsa kulowa m'pangano pa mfundo zimene inalowera. Choncho lembani funso lachindunji: mukanadziwa za ngozi ya Okutobala 2021, mukanakana kupereka inshuwalansi, mukanakweza pulimiyamu, imene ndi mtengo wa inshuwalansi, kapena mukanakweza ekisesi, ndalama imene mwini galimoto amalipira yekha pa ngozi iliyonse? Pemphani kuti akuonetseni malangizo awo oikira mitengo a pa nthawiyo kapena mawu olembedwa a munthu amene anavomereza pangano lanu. Ngati malangizowo akusonyeza kuti ngozi imodzi yaing'ono yopanda pempho siikanasintha kanthu, chifukwa choyambacho chagwa.

Ngati yankho ndi lakuti akanakweza mtengo, zotsatira zake zimadalira dziko. Pa lamulo lakale kampani ingafafanize pangano lonse ngakhale munalakwitsa mosadziwa. Mayiko ena anaona kuti chilangochi n'chokhwima mopitirira. Mwachitsanzo, lamulo la ku Britain la mu 2012 lokhudza anthu wamba linachotsa udindo woulula zimene simunafunsidwe, n'kuikapo udindo wosamala kuti musanene zosaona, ndipo linasiyanitsa wonama dala ndi wolakwitsa chifukwa chosasamala. Wonama dala amataya zonse, koma wosasamala amalipidwa molingana ndi gawo la pulimiyamu limene analipira ngati kampani ikanamulandirabe pa mtengo wokwera. Ngati analipira 800 pamene kampani ikanamulipiritsa 1,000, ndiye kuti analipira magawo 80 pa 100, choncho pa kuwonongeka kwa 50,000 amalandira 40,000. Ngakhale lamulo la dziko lanu lisakunena zimenezi, kuwerengera kotereku ndi poyambira pabwino pokambirana zogwirizana kunja kwa khoti.

Pali zinthu zina ziwiri zoti muone musanatseke gawoli. Choyamba, yang'anani pamwamba pa siginecha yanu ngati pali mawu onena kuti mayankho onse a pa fomu ndi maziko a pangano. Kumene mawu otere akadali ololedwa, amasandutsa yankho lililonse kukhala lonjezo, moti kampani ingadalire yankho lolakwika ngakhale losafunika. Pamenepo chitetezo chanu chachikulu ndi funso loyamba lija, kusonyeza kuti yankholo linali loona. Chachiwiri, onani zimene kampani inachita itadziwa. Amene akufafaniza pangano amayenera kubweza pulimiyamu, kupatula pamene pali chinyengo, ndipo sangalifafanize uku akupitiriza kulidyerera. Ngati kampani inadziwa za ngozi yakale mu Julayi koma inapitiriza kutenga ndalama za mwezi ndi mwezi mpaka Okutobala popanda kulemba kuti ikusunga ufulu wake, mungathe kunena kuti inasankha kulisunga pangano.

5. Werengani ndime yopatula pamodzi ndi matanthauzo ake.

Chifukwa chachiwiri cha bambo uja chinali kunyamula anthu olipira. Yambani ndi tsamba la tsatanetsatane kuti muone ntchito yololedwa, kaya ndi maulendo a pabanja okha, kaya pamodzi ndi kupita ku ntchito, kaya ntchito za bizinesi. Kenako pezani ndime yopatula, ndipo liwu lililonse lolembedwa ndi zilembo zakuda kwambiri mulifufuze m'gawo la matanthauzo, chifukwa m'pangano liwu limatanthauza zimene pangano lanena. Onani ngati ndimeyo ikunena za ntchito imene galimoto inkagwira pa nthawi ya ngozi yeniyeniyo. Ngati ikutero, umboni wakuti mwezi wathawo ananyamulapo anthu sukukwanira pa ndime imeneyi, ngakhale kampani ingaugwiritse ntchito kunena kuti ananama za ntchito ya galimoto pogula inshuwalansi.

Tiyerekeze kuti pa 9 Juni m'galimotomo munali anzake awiri a ku ntchito amene amathandizako ndalama ya mafuta. Mapangano ena ali ndi ndime yonena momveka kuti kugawana mtengo wa ulendo popanda phindu si kunyamula anthu olipira, ndipo ndimeyi nthawi zambiri imakhala kutali ndi ndime yopatula, choncho ifufuzeni. Ikasowa, mfundo yakuti mawu amene angamveke m'njira ziwiri amamasuliridwa mokomera amene sanawalembe ingathe kukuthandizani, koma imagwira ntchito pokhapokha mawuwo ali osamveka ndithu. Ngati bamboyo ankaima m'njira n'kumatenga anthu osawadziwa pa mtengo woikika, palibe kumasulira kumene kungamupulumutse, ndipo loya womuuza zina akungomudyera ndalama.

6. Pa lamulo lophwanyidwa, funsani kuti ndi lolemera bwanji.

Kuyambira pa 9 Juni mpaka pa 27 Juni ndi masiku 18. Ngati pangano likuti kampani idziwitsidwe mwamsanga monga mmene kungathekere, masiku amene bamboyo anali m'chipatala amaganiziridwa pomuweruza, ndipo kalata ya chipatala yosonyeza tsiku logonekedwa ndi lotuluka ingathetse nkhaniyo. Ngati likuti pasanathe masiku 14, wachedwa ndi masiku anayi, ndipo funso limakhala lakuti lamulolo ndi la mtundu wanji. Pangano likanena kuti kutsatira lamulolo kuyenera kuchitika kaye kampani isanakhale ndi udindo wolipira, makhoti ambiri amalola kampani kukana ngakhale siinataye kanthu chifukwa cha kuchedwako. Mawu amenewa nthawi zina salembedwa pa ndime ya kudziwitsa, koma pa ndime imodzi ya kumapeto yokuta malamulo onse. Akasowa, kampani nthawi zambiri imangokhala ndi ufulu wochotsa zimene yatayadi chifukwa cha kuchedwako, monga ndalama zosungira galimoto za masiku owonjezerawo. Fufuzaninso ngati wachibale anaimbira ejenti wa kampani m'masiku oyamba, ndipo onani ngati pangano limafuna chidziwitso cholembedwa kapena limalola cha pa foni.

7. Lembani yankho limodzi lotsata ndime ndi ndime.

Pa chifukwa chilichonse lembani mawu a ndime monga alili, zimene zinachitika ndi madeti ake, pepala limene likutsimikizira, ndi funso limene mukufuna kampani iyankhe. Kumbukirani kuti chifukwa chimodzi cholimba ndi chokwanira kuti kukanako kuime, choncho kugwetsa ziwiri n'kusiya chachitatu si kupambana, ndipo mphamvu zanu zipite pa chimene chili choopsa kwambiri kwa inu.

Zolakwa zimene ndaziona zikuwononga nkhani zabwino ndi zitatu. Choyamba ndi kusintha nkhani kuti ikome, monga kunena kuti anzake a ku ntchito aja sankapereka kalikonse pamene iwo anauza kale wofufuza wa kampani kuti ankapereka. Bodza lonenedwa pa pempho la malipiro lingathe kuphetsa pempho lonse, kuphatikizapo gawo limene linali loona. Chachiwiri ndi kugulitsa kapena kukonzetsa galimoto isanaonedwe ndi katswiri wowerengera kuwonongeka. Chachitatu ndi kusayina pepala lolandirira ndalama yochepa lokhala ndi mawu akuti nkhani yatha kotheratu, kapena kulandira pulimiyamu yobwezedwa osalemba kuti simukuvomereza kufafanizidwa kwa pangano.

Ngati pa ngoziyo panavulala munthu wina, nkhani yake ndi yosiyana ndi ya galimoto yanu. M'mayiko ambiri amene inshuwalansi yoteteza anthu ena pamsewu ndi yokakamiza, lamulo limachepetsa zifukwa zimene kampani ingakanire kulipira wovulala, ngakhale ingathe kudzafuna ndalamazo kwa inu pambuyo pake. Choncho pitirizani kutumiza ku kampani kalata iliyonse kapena samani yochokera kwa wovulalayo, ndipo funsani molemba ngati kukana kwawo kukukhudzanso gawo limeneli.

Yankho lanu litumizeni ku ofesi yoona madandaulo ya kampaniyo, lipatseni tsiku loyenera kuyankhidwa, ndipo sungani umboni wakuti lalandiridwa. Tsikulo likadutsa popanda yankho lokhutiritsa, pitani nalo ku bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi kapena kwa womva madandaulo woima payekha ngati dziko lanu lili naye, mutanyamula mapepala a mu gawo loyamba aja ndi makalata onse m'ndondomeko ya madeti. Tsiku lomaliza la mu gawo lachiwiri likamayandikira nkhani isanathe, onanani ndi loya pakadali milungu ingapo kuti athe kukalembetsa mlandu nthawi isanakwane.